Basi ya Loweruka inadutsa Lachisanu usiku

Foni inalira nthawi itangopitirira 1 koloko usiku, kukacha Lamulungu. Munthu akakuimbira nthawi ngati imeneyo mtima umayamba wathamangira ku maliro, ndiye nditaona kuti ndi azakhali a ku Mzuzu, ndinadzuka n'kukhala tsonga pabedi.

"Mwanawe, basi ija ibwera koma? Ndakhala pano kuyambira 11 koloko. Alonda akuti ya ku Dar es Salaam inadutsa dzulo."

Kuseri kwa mawu awo ndinkamva mvula ikugogoda pa malata. Munali mu Disembala wa 2022, ndipo amene anagonako ku Mzuzu akudziwa mmene kumazizirira usiku mvula ikagwa. Azakhali, mlongo wawo wa bambo anga, amagulitsa zitenje ndi nsapato. Katatu kapena kanayi pa chaka amapita ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kukaoda katundu, ndipo ulendo umenewu unali wa katundu wa Khirisimasi. Anali pakhonde la sitolo ndi chikwama chawo, ndalama za mpamba atazimangirira m'chiuno, akudikira basi imene inali itadutsa pamalo omwewo maola 24 apitawo.

Tikiti ndinawagulira ndine, ku Lilongwe kuno kumene basiyo imanyamukira. Nthawi ndinawauza ndine. Ndipo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yomasulira zikalata ndi zidziwitso kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. N'chifukwa chake nkhaniyi sinandichoke mumtima mpaka lero.

## Zimene ndinawerenga ndi zimene ndinanena

Nditalipira tikiti, pa foni yanga panabwera uthenga wotsimikizira mpando ndi nthawi yokwerera ku Mzuzu. Mzere wa nthawi unali wotere:

`Sat 3 Dec 12:30 AM`

Ndinawaimbira pompo. "Azakhali, zatheka. Mukwera Loweruka, hafu pasiti thwelofu usiku."

"Loweruka usiku. Chabwino, mwana wanga, Mulungu akudalitse."

Tinathera pomwepo. Mukayang'ana mawu anga limodzilimodzi, palibe labodza. Tsiku linalidi Loweruka. Nthawi inalidi 12:30. Kunja kunalidi mdima, ndiye kunena kuti usiku sikunali kulakwa. Koma chiganizo chonse pamodzi chinawatumiza azakhali ku usiku wina. Basi inanyamuka ku Lilongwe Lachisanu madzulo, inafika ku Mzuzu patangopita mphindi 30 kuchokera pakati pa usiku, n'kupitirira ulendo wa ku Karonga ndi ku Songwe. Pa kalendala ya ofesi ya basi, mphindi 30 zimenezo zinali kale za Loweruka. Kwa azakhali, ngakhalenso kwa ine ndikanakhala kuti sindikuyang'ana pa foni, umenewo unali usiku wa Lachisanu.

Loweruka m'mawa ndinapeza kuti nambala ina yachilendo inandiimbira katatu cha m'ma 12:40 usiku. Foni ndinali nditaitseka mawu. Ndinangoti mwina wina wasokoneza nambala. Anali kondakitala, akufunafuna mwini mpando pa nambala imene inagula tikiti. Ndikanaimbanso m'mawa umenewo, azakhali akanapeza njira ina tsiku lomwelo, osakagona pakhonde.

## Manambala ndi obwereka, tsiku ndi lathu

Chimene chinandipusitsa n'chakuti nthawi ya pa wotchi timaitchula ndi manambala a Chingerezi. Timati seveni koloko, hafu pasiti naini, kota tu thwelofu. Ngakhale mawu akuti koloko, wotchi, hafu ndi kota ndi obwereka. Agogo amene sanapondeko m'kalasi amanena sikisi koloko osaganiza n'komwe kuti akulankhula chilankhulo cha eni. Choncho ukaona nthawi yolembedwa m'Chingerezi, mutu umakuuza kuti apa palibe chomasulira, ungowerenga mokweza basi.

Tinabwereka pa chifukwa chomveka. Kuwerenga kwathu kumayenda ndi zala za dzanja: tikafika pa zisanu timayamba kuphatikiza, zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka khumi. Yesani kunena 8:45 osabwereka kanthu: kwatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti likwane ola lachisanu ndi chinayi. Minibasi ikhala itanyamuka musanamalize. Kota tu naini ndi mawu atatu okha.

Koma tinabwereka manambala okha. Chimango chimene manambalawo amakhalamo, kunena kuti tsiku limayamba liti ndipo limagawika bwanji, chinatsala chathu.

Chingerezi cha pa wotchi chimadula tsiku pawiri. Theka loyamba, `AM`, limayamba pakati pa usiku n'kutha dzuwa likafika paliwombo. Theka lachiwiri, `PM`, limayamba pamenepo n'kutha pakati pa usiku. Deti limasintha pakati pa usiku, anthu ali m'tulo, popanda chilichonse chooneka kunja.

Ife tsiku timaligawa poyang'ana kumwamba ndiponso pomvera za pabwalo. Atambala akayamba kulira ndi m'bandakucha. Kukayamba kuyera ndi m'mamawa, kenako m'mawa. Dzuwa likakwera n'kuyamba kuswa mtengo ndi masana. Likapendeka, cha m'ma 3 kapena 4 koloko, talowa madzulo, ndipo madzulowo amapitirira mpaka chisisira. Mdima ukagwira ndi usiku, ndipo usikuwo ndi umodzi, wosadukiza, mpaka atambala aliranso. Tsiku latsopano limabwera ndi kucha. N'chifukwa chake timati "kwacha", ndipo mawu akuti mawa ndi m'mawa ndi pachibale: tsiku lotsatira limafika limodzi ndi kuwala kwake. Chimodzimodzinso dzulo ndi madzulo.

Tsopano ikani magawo awiriwa pamodzi muone pamene sakugwirizana. M'bandakucha ndi m'mawa zonse zili mkati mwa `AM`. Madzulo onse ali mkati mwa `PM`. Masana amalumpha 12 koloko, koma deti silisintha, ndiye palibe chimene chimatayika. Usiku wokha ndi umene uli ndi mwendo umodzi mu deti lina, mwendo wina mu deti linzake. Mngerezi akamanena za 2 koloko ya mumdima amaitcha ya m'mawa, chifukwa kwa iye tsiku layamba kale. Ife tikamva munthu akuti 2 koloko m'mawa timadabwa, chifukwa nthawi imeneyo ndi usiku weniweni, wa afisi ndi akadzidzi.

Ndiye mukati "Loweruka usiku" pokonza ulendo, aliyense amamva usiku umene ubwere dzuwa la Loweruka likalowa. Nambala imene mungaikepo, kaya 9, kaya 12:30, kaya 2, singasunthe usikuwo. Imangonena kuti ndi pati mkati mwake.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti m'mawa munthu amatha kudandaula kuti "lero usiku sindinagone", akunena usiku wathawu. N'zoona, koma pamenepo mneni akuonetsa yekha kuti zachitika kale. Pokonza za m'tsogolo palibe chokuthandiza choterocho. Palinso a Sabata amene Sabata lawo limayamba dzuwa likalowa Lachisanu, ndi Asilamu amene pa kalendala ya chipembedzo tsiku limayambanso dzuwa likalowa. M'mudzi umodzi muli malire atatu a tsiku: kucha, kulowa kwa dzuwa, ndi pakati pa usiku. Mwa atatuwa, amene amasindikizidwa pa tikiti ndi omalizawo, amene palibe amawaona ndi maso.

Chinandithandiza nditakhala pansi n'kuona kuti malo oopsawo ndi aang'ono. Ndi maola atatu kapena kupitirira pang'ono, kuyambira 12 koloko usiku mpaka cha m'ma 3 koloko. Ikafika 4 koloko timati m'bandakucha, ndipo m'bandakucha timaupereka ku tsiku latsopano: mukauza munthu kuti "Loweruka m'bandakucha, 4 koloko", adzuka Loweruka lomwelo atambala akulira, monga mmene ofesi ya basi ikufunira. Koma maola atatu a pakatiwo amasokoneza zambiri kuposa maulendo. Mwana wobadwa 1 koloko usiku, mayi ake amati anabadwa Lachiwiri, pamene kabuku ka kuchipatala kalemba deti la Lachitatu. Pa maliro abale amalengeza kuti malemu anatisiya Lachinayi usiku, chikalata chikunena Lachisanu. Onse akunena zoona, koma aliyense akuyambira tsiku pake.

## Thwelofu

Ngakhale mukanachotsa nkhani ya tsiku, 12 payekha ndi nambala yovuta. Zilembo za `AM` ndi `PM` zinachokera ku mawu a Chilatini otanthauza dzuwa lisanafike paliwombo ndi dzuwa litapitirira paliwombo. Nanga 12 koloko masana yeniyeniyo, dzuwa lili paliwombo pomwepo, ikhala mbali iti? Anthu anangogwirizana kuti masana alembe `12:00 PM` ndipo pakati pa usiku alembe `12:00 AM`. Mafoni ndi makompyuta amatsata zimenezi.

Vuto lake n'lakuti manambala amayenda mokhota. Ikachoka `11:59 AM` ikubwera `12:00 PM`, kenako `1:00 PM`. Munthu amene anaphunzira kuti `AM` ndi m'mawa ndipo `PM` ndi madzulo kapena usiku, akaona `12:30 PM` amaganiza za usiku, pamene ndi nthawi ya nkhomaliro. Akaona `12:30 AM` amaganiza kuti ndi kumapeto kwa m'mawa, n'kupita ku depoti masana dzuwa likuswa mtengo. Ine msampha umenewu ndinaulumpha bwinobwino, ndinadziwa kuti ndi usiku. Ndinakagwa mu wina uja wa tsiku.

Apa Chichewa chimachita bwino kuposa Chingerezi. "12 koloko masana" ndi "12 koloko usiku" sizingasokonezeke. Pomasulira chidziwitso sindisiyamonso zilembo ziwirizo, ndimazichotsa n'kuika gawo la tsiku: m'bandakucha, m'mawa, masana, madzulo kapena usiku.

Abale athu a ku Zambia anasankha njira ina. Ku Chipata kapena ku Lusaka, munthu akulankhula Chinyanja amakuuza kuti mukumane fotini awazi, kutanthauza 2 koloko masana, chifukwa kumeneko kuwerenga mpaka 24 kuli pakamwa pa aliyense. Tikiti ya azakhali ikanalembedwa choncho, ikanaoneka `00:30`, ndipo ndikukhulupirira kuti mazilo awiriwo akanandiimitsa. Amaonetsa poyera kuti tsiku langobadwa kumene, lilibe ngakhale ola limodzi. Kuwerenga kwake n'kosavuta: nambala ikapitirira 12, chotsani 12. `14:00` ndi 2 koloko masana, `19:30` ndi hafu pasiti seveni usiku. Kolakwika kawirikawiri n'kungotaya nambala yoyamba, n'kuwerenga `17:00` ngati 7 koloko pamene ndi 5 koloko madzulo.

## Kakang'ono kotchedwa tu

Pali misampha ina ya mphindi chabe, yosafika pa ya azakhali, koma imasiyitsa anthu basi tsiku lililonse.

Tikati kota tu eyiti, ola limene latchulidwa silinakwane. Nthawi ndi 7:45. Pa foni ya netiweki yodukaduka, kapena pa phokoso la mu depoti, khutu limagwira mawu omaliza, eyiti, ndipo munthu amafika 8 koloko zinthu zitatha. Kamawu konyamula tanthauzo lonse ndi kakang'ono kwambiri, tu, ndipo kamamveka ngati thu, nambala ija ya ziwiri. Nenani mokweza kuti twente tu thu mumve mmene 1:40 imasowera. Chichewa chimaika chenjezo patsogolo: kwatsala mphindi 20 kuti ikwane 2 koloko. Munthu akangomva "kwatsala" wadziwa kale kuti ola silinafike. N'chotalika, koma pa foni ndimasankha chimenechi.

Katchulidwe kathu kamatithandizanso pena. M'kamwa mwa mzungu 15 ndi 50 zimamveka pafupifupi chimodzimodzi, chonsecho pakati pa 7:15 ndi 7:50 pali mphindi 35. Ife timati fifitini ndi fifite, satini ndi sate, fotini ndi fote, ndipo kusiyana kumamveka bwino. Amene amaseka katchulidwe kameneka sadziwa kuti kamapulumutsa maulendo.

Hafu seveni kwa ife ndi 7:30, monganso ku Britain. Koma amene amagwira ntchito ku Joni kwa mabwana olankhula Chiafirikanzi amadziwa kuti m'chilankhulo chimenecho hafu amaiwerengera ku ola likubweralo, ndiye hafu seveni yawo ndi 6:30. Mawu ofanana, kusiyana ola lathunthu.

Ndiye pali "cha m'ma", amene ndi wathuwathu. Ndikati ndifika cha m'ma 7 koloko, sindinalonjeze 7:00. Ndatchula dera lonse lozungulira 7, ndipo wondidikira akudziwa. Sindiona cholakwika pamenepo, pa chinkhoswe kapena pokaona wodwala kunyumba ndi mmene anthu amapanganirana. Cholakwika chimabwera womasulira akatenga nthawi ya ndege, ya mayeso kapena ya kukhoti n'kuiveka "cha m'ma" pofuna kuti chiganizo chikome. Pamenepo pamafunika kunena kuti 7 koloko yeniyeni, kapena 7 koloko ndendende.

## Maola a kutsidya kwa Songwe

Patapita milungu iwiri ndinakwera basi kupita ku Mzuzu kukapepesa pamaso. Azakhali anali atapita ndi kubwerako, atagula tikiti ina, ndipo katundu anafika mochedwa moti zitenje zina zinagona mpaka Januwale. Sanandikalipire. Anandiikira tiyi ndi mbatata, n'kunena mawu amene anandipweteka kuposa kukalipa.

"Zaka zonsezi ndikuyenda kwa anthu owerenga maola chadodolido, sindinasiyidwepo ndi basi. Ndadzasiyidwa ndi nthawi ya kwathu konkuno."

Anavula wotchi yawo ya mivi, ya lamba wachikopa wothetheka, n'kuiika patebulo pafupi ndi kapu. Anati ndiyang'ane 7, kenako ndiyang'ane nambala yoyang'anizana nayo kutsidya kwa wotchi. Ndi 1. Ndi mmene Chiswahili chimawerengera. Maola amayambira kutuluka kwa dzuwa, 6 koloko m'mawa. Likatha ola limodzi, ife tikuti 7 koloko, iwo akuti saa moja, ola loyamba. Masana enieni ndi saa sita, ola lachisanu ndi chimodzi. Dzuwa likamalowa, 6 koloko madzulo, maola akwana 12, ndipo amayambiranso kuwerenga a usiku. Kufupi ndi mzere wa ikweta dzuwa limatuluka ndi kulowa nthawi yosasinthasintha kwambiri chaka chonse, ndiye kuwerenga kotereku kumagwira ntchito bwino. Wotchi yawo ndi yomweyi, muvi umaloza pomwepo, koma pakamwa pamatuluka nambala ya kutsidya.

Pamwamba pa maola 6 amenewa pali linanso limodzi. Tanzania ili patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Ukangowoloka mlatho wa Songwe kulowa ku Kasumulu, 7 koloko yako yasanduka 8 koloko. Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa tili nawo pa nthawi imodzi, n'chifukwa chake ambiri sitizolowera kusintha wotchi podutsa malire.

Azakhali wotchi yawo saisintha, imakhala pa nthawi ya kwathu ulendo wonse. Anandiwerengera chonchi. Kondakitala wa ku Mbeya akati basi inyamuka saa mbili m'mawa, ndiye kuti ola lachiwiri. Kutsidya kwa 2 pa wotchi kuli 8, ndiye ndi 8 koloko ya ku Tanzania. Achotsepo ola limodzi la malire, pa dzanja lawo ikhala 7 koloko. Akati saa kumi na mbili, ola la 12, kutsidya kwake kuli 6, ndipo pa wotchi ya azakhali ndi 5 koloko m'bandakucha. Masitepe ndi awiri nthawi zonse, ndipo salumpha ngakhale limodzi. Foni saidalira pa zimenezi, chifukwa kufupi ndi malire imatha kugwira netiweki ya dziko lina n'kusintha nthawi yokha mwini wake osadziwa, alamu n'kulira ola lolakwika.

"Kumene kuja ndimadziwa kuti ndine mlendo," anatero. "Ndimafunsa kawiri, ndimalozetsa pa wotchi. Iwe sindinakufunse kawiri chifukwa umalankhula ngati ine."

## Ola lachisanu ndi chimodzi

Kuwerenga kwa ku Tanzania kuja si kwachilendo kwenikweni kwa ife. Timakumva m'tchalitchi chaka chilichonse nyengo ya Pasaka, kungoti ambiri sitikuzindikira. M'Baibulo lakale la Chichewa, pa Marko 15, Yesu anapachikidwa pa ola lachitatu, mdima unagwa pa ola lachisanu ndi chimodzi mpaka ola lachisanu ndi chinayi. Ndili mwana ndinkamva 3 koloko, 6 koloko ndi 9 koloko, ndipo ndinkadabwa kuti chozizwitsa n'chiyani ngati mdima wagwa 6 koloko madzulo, poti ndi nthawi yake. Koma maola amenewo akuwerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa. Ola lachitatu ndi cha m'ma 9 koloko m'mawa, lachisanu ndi chimodzi ndi 12 koloko masana, lachisanu ndi chinayi ndi 3 koloko. Mdima unagwa dzuwa lili paliwombo. Pa Mateyu 20, antchito olembedwa pa ola lakhumi ndi limodzi analowa m'munda cha m'ma 5 koloko madzulo, n'chifukwa chake anagwira ola limodzi lokha. Mabaibulo ena omasuliridwa pambuyo pake amangolemba manambala a pa wotchi yathu, ndipo ndikuona kuti anachita bwino.

Ndikutchula izi chifukwa omasulirafe timakopeka kulemba nthawi m'Chichewa chokhachokha, makamaka pa makadi a ukwati ndi zidziwitso zolemekezeka. Timalemba kuti mwambo udzayamba ola lachisanu ndi chimodzi, tikutanthauza 6 koloko. Mawu omwewo pa guwa akutanthauza 12 koloko masana. Komanso mawu akuti lachiwiri, lachitatu, lachinayi ndi lachisanu ndi mayina a masiku a sabata. Chidziwitso chikamawerengedwa pa chimkuzamawu kuti "msonkhano udzakhalako Lachitatu, ola lachisanu", wakumbuyo amatola Lachitatu ndi Lachisanu, n'kufunsa mnzake kuti kodi msonkhano ndi wa masiku awiri.

Anthu pakamwa anagawa kale ntchito mwanzeru. Manambala a Chichewa amanena kutalika kwa nthawi: ndayenda maola awiri, dikirani mphindi zisanu. Manambala obwereka, limodzi ndi koloko, amanena pamene muvi waloza: ndifika 2 koloko. Ukamva "maola" ukudziwa kuti akuyeza, ukamva "koloko" ukudziwa kuti akuloza. Ine ndinasiya kulimbana ndi kagawidwe kameneka. Pa chikalata ndimalemba nambala, koloko, ndi gawo la tsiku.

## Ulendo wa mu Malichi

Mu Malichi azakhali anandiimbiranso kuti ndiwagulire tikiti. Ndinayamba ndakana, ndinati mwina atume wina. Anati ayi, ugule iweyo.

Uthenga unabwera, basi yomweyo, nthawi yomweyo: `Wed 12:30 AM`. Ndisanaimbe ndinatenga pepala n'kuchita zimene tsopano ndimachita pa nthawi iliyonse yogwera pakati pa 12 koloko usiku ndi m'bandakucha. Ndinabwerera m'mbuyo tsiku limodzi kuti ndipeze dzina la usikuwo monga timautchulira, Lachiwiri. Kenako ndinalemba masiku onse awiri m'chiganizo chimodzi, loyamba la usiku, lachiwiri la kukacha. Pomaliza ndinaganiza chinthu chimene azakhali adzakhale akuchita madzulo amenewo, kuti nthawiyo ikhale ndi pogwira.

"Azakhali, pa tikiti alemba Lachitatu, koma musatengere zimenezo. Ulendo ndi wa usiku wa Lachiwiri, woti kukacha ndi Lachitatu. Lachiwiri mukaweruka ku msika, mukadya nsima yamadzulo, musagone. Mukhale muli pa siteji 11 koloko usiku womwewo. Basi ifika hafu pasiti thwelofu."

Sindinafunse kuti "mwamva?", chifukwa munthu amayankha kuti eya pa zimene wamva iyeyo, ngakhale zisakhale zimene wanena iwe. Ulendo woyamba uja anabwereza mawu anga enieni, "Loweruka usiku", ndipo kubwerezako sikunaulule kanthu. Ndinafunsa funso loti ayankhe ndi mawu awoawo.

"Ndiye Lachiwiri mugona kuti, azakhali?"

"Lachiwiri ndigona m'basi, mwanawe. Lachitatu kundichera ku Songwe."

Ndinapereka nambala yawo kwa kondakitala m'malo mwa yanga, ndipo usiku wa Lachiwiri foni sindinaitseke mawu. Inalira 12:50. Anali azakhali, akuti akhala pa mpando wa pawindo, basi yayamba kutuluka mu Mzuzu kulowera ku Ekwendeni.